Chifukwa chake fulu amayenera kubwerera kumutu kwa lisiti

"Abale thandizeni, ndili pa LeetCode 142, funso lopeza pomwe lupu yayambira mu linked list. Ndayika `slow = head` ndi `fast = head.next` ngati mmene ndinachitira pa 141, akukumana bhobho, koma ndikabweza imodzi ku `head` kuti ndipeze pomwe lupu yayambira, pulogalamu ikungozungulira osatha mpaka Time Limit Exceeded. Komanso chilungamo sindikumvetsa chifukwa chake kubwerera ku `head` kumagwira ntchito, ndinangoloweza."

Achimwene, vuto lanu lili pa mzere woyamba womwewo, kalulu mwamupatsa sitepe imodzi yaulere mpikisano usanayambe. Pa 141 zinadutsa chifukwa funso lija limangofuna kudziwa ngati mu lisiti muli lupu, inde kapena ayi, koma gawo lachiwirili limadalira masamu ake ndipo masamuwo amafuna kuti onse awiri anyamukire pamalo amodzi. Tengani pepala ndi cholembera tiyende limodzi, izi pa sikirini pokha sizilowa m'mutu.

Jambulani manodi 8, muwapatse manambala 1 mpaka 8, iliyonse ikuloza yotsatira, koma nodi 8 m'malo moloza `None` ikuloza nodi 4. Chithunzi chake chikhala ngati chingwe cha mbuzi, mchira wowongoka kenako khwekhwe kumapeto. Kuchoka pa 1 kufika pa 4 ndi masitepe 3, tiitche a. Lupu yake ndi 4, 5, 6, 7, 8, manodi 5, tiitche c. `slow` ndi fulu, amaponda sitepe imodzi, `fast` ndi kalulu, amaponda awiri. Azungunso amawatchula choncho, ndiye nthano ya agogo ija ikugwirabe ntchito kkkk.

Onse ayambire pa 1. Ulendo woyamba fulu ali pa 2 kalulu pa 3. Wachiwiri fulu 3 kalulu 5. Wachitatu fulu 4 kalulu 7. Apa imani kaye muone, fulu wangolowa kumene mu lupu, ndipo ngakhale kalulu akuoneka ngati ali kutsogolo, pozungulira palibe kutsogolo, iye ali kumbuyo kwa fulu ndi masitepe 2, kuchoka pa 7 kupita 8 kupita 4. Wachinayi fulu 5, kalulu wadutsa pa 8 wafika pa 4, mpata watsala 1. Wachisanu onse pa 6. Akumana.

Anthu ambiri amaopa kuti kalulu atha kumulumpha fulu osamuona, koma sizingatheke. Ulendo uliwonse fulu amathawa ndi 1, kalulu amabwera ndi 2, ndiye mpata umachepa ndi 1 basi, 2 kenako 1 kenako 0, sungachoke pa 1 kupita kuseri osadutsa pa 0. Ndipo popeza mpatawo sungafike c, fulu amagwidwa asanamalize n'kuzungulira kamodzi komwe. Ndi chifukwa chake nthawi yake imakhala O(n).

Tsopano pomwe munangolowezapo. Pokumana fulu wayenda masitepe k, kalulu wayenda 2k. Onse ayima pa nodi imodzi, ananyamukira pamodzi, njira ndi yomweyo, ndiye masitepe owonjezera amene kalulu waponda anapita kuti? Anathera kuzungulira lupu, ndipo anazungulira mathunthu, osati theka, apo ayi sakanakhala pamalo amodzi ndi mnzake. Owonjezerawo ndi 2k kuchotsa k, yomwe ndi k yemweyo. Ndiye kuti k imagawika ndi c popanda chotsala. Mfundo yonse yagona pamenepo, zinazi ndi zokometsera chabe. Mu chitsanzo chathu k ndi 5, c ndi 5, zagwirizana.

Ndiye ganizani chonchi. Fulu wayenda kale k. Mukamuwonjezera masitepe a, akhala atayenda a + k kuchokera ku `head`. Koma kuyenda a + k n'chimodzimodzi kuyenda a kukafika pakhomo pa lupu, kenako n'kuzungulira mathunthu kangapo n'kubwerera pakhomo pomwepo. Kutanthauza kuti kuchokera pomwe anakumanirana, masitepe a amakufikitsani poyambira lupu. Vuto ndi loti a simukuidziwa, simunawerenge. Ndiye mumatenga poyinta ina kuiyika ku `head` kuti ikhale ngati wotchi yanu, nayonso ikaponda masitepe a ifika pakhomo pomwepo kwa nthawi yoyamba, ndipo ziwirizo zigundana. Onani: imodzi pa 1 ina pa 6, kenako 2 ndi 7, kenako 3 ndi 8, kenako 4 ndi 4. Nodi 4, yankho. Sizingakumane msanga chifukwa yochokera ku `head` ikadali mu mchira pomwe inzakeyo singatulukemo mu lupu.

Tiyeni tiyese yanuyo pa manodi omwewa. Fulu pa 1, kalulu pa 2. Kenako 2 ndi 4, kenako 3 ndi 6, kenako 4 ndi 8, kenako 5 ndi 5. Akumana pa 5 osati pa 6, fulu wayenda masitepe 4 okha, ndipo 4 sagawika ndi 5, mwapelewera ndi imodzi. Gawo lachiwiri: 1 ndi 5, 2 ndi 6, 3 ndi 7, 4 ndi 8, 5 ndi 4, 6 ndi 5... mwaona? Onse alowa mu lupu, liwiro ndi lofanana, wina ali pamsana pa mnzake, azilondolana choncho mpaka magetsi azime. Ndiye Time Limit Exceeded yanu ija. Mutha kuipulumutsa poyambitsa poyinta yachiwiri pa `slow.next` m'malo mwa `slow`, imagwira, koma ine sindimakonda chifukwa pa intavyu munthu ukanjenjemera umayiwala kachigamba kameneko. Bola kungolemba zoyera:

```python
def detect_cycle(head):
    slow = fast = head
    while fast and fast.next:
        slow = slow.next
        fast = fast.next.next
        if slow is fast:
            p = head
            while p is not slow:
                p = p.next
                slow = slow.next
            return p
    return None
```

Ndikudziwa chomwe chinakupangitsani kuyamba ndi `head.next`, mukayika onse pa `head` n'kufananiza musanayende amapezeka afanana pompo ndipo pulogalamu imanama kuti muli lupu. Mankhwala ake ndi kuyenda kaye kenako kufananiza, ngati mmene `if` yakhalira pansi pa mizere iwiri yoyendayo, osati kumusuntha kalulu.

Pali chinanso chimene matutoriyo ambiri amasocheretsa nacho anthu. Amajambula lupu yayikulu ndi kamchira kakafupi n'kunena kuti mtunda wa ku `head` kufika pakhomo ndi wofanana ndi wotsala kuchokera pokumanirana kufika pakhomo. Pa chitsanzo chathu n'zoona, 3 ndi 3. Koma tengani manodi 10 pomwe 10 ikuloza 8, mchira ndi 7, lupu ndi 3 yokha. Kalulu amalowa msanga n'kumangozungulira kudikira mnzake, amakumana pa nodi 10 fulu atayenda 9, onaninso 9 akugawika ndi 3. Kuchoka pa 10 kufika pa 8 ndi sitepe imodzi chabe, osati 7. Komabe khodi ija imagwira, chifukwa pomwe `p` akutsika mchira masitepe 7, mnzakeyo akuyenda 8, 9, 10, 8, 9, 10, 8, amadutsa pakhomo kawiri osapeza munthu, kachitatu ndi pomwe amapezana. Ndiye wokufunsani mafunso akati "nanga mchira ukatalika kuposa lupu", musachite mantha, muuzeni za kugawika ndi c.

Wina mu gulu muno afunsa kuti bwanji kalulu asamaponde 3 kuti zithe msanga. Akanyamukira pamodzi kukumana amakumanabe, koma owonjezera amakhala 2k, ndiye 2k ndi yomwe imagawika ndi c, k payokha mwina ayi. Yesani manodi 5 pomwe 5 ikuloza 2, akumana pa 3 fulu atayenda 2 pomwe lupu ndi 4, gawo lachiwiri lizungulira osatha ngati lanuli.

Samalaninso ndi `is`. Tikufananiza manodi enieniwo, malo awo mu memole, osati zomwe zalembedwa mkati. Ineyo ndinadyapo usiku wonse pa izi, ndinalemba `slow.val == fast.val`, mayeso anga onse akudutsa chifukwa manambala anga anali osiyanasiyana, kenako kunabwera lisiti yopanda lupu koma ya ma 1 okhaokha, pulogalamu n'kulumbira kuti yapeza lupu pa sitepe yoyamba. Mu C kapena C++ fananizani mapoyinta okha, mu Java ndi `==` osati `.equals()`. Ndipo `while fast and fast.next` isiyeni momwemo, mbali zonse ziwiri komanso mu ndondomeko yomweyo, chifukwa kalulu amatha kugwera pa `None` penipeni kapena kuyima pa nodi yomaliza malinga ndi kuti manodi ndi angati, mukachotsa imodzi mulandira `AttributeError`. Fulu safunika kumuchekera, amaponda pomwe kalulu wadutsa kale.

Musanatumize yesani zinayi izi pamanja: lisiti yopanda kanthu, nodi imodzi yoloza `None`, nodi imodzi yodziloza yokha, ndi lisiti yomwe yomaliza ikuloza `head`. Ziwiri zomalizazi a ndi 0, amakumanirana pa `head` pomwepo ndipo `while` yamkati siyenera kuyenda n'kamodzi komwe. Amene amalemba ndi `do while` mu C amagwa apa, amasuntha kaye asanaone kuti afika kale.

Mukafuna kutalika kwa lupu, imani pomwe akumana, yendetsani poyinta imodzi mukuwerenga mpaka ibwerere. Mukafuna kuidula, yambirani pakhomo muyende mpaka nodi yomwe `next` yake ndi khomolo, pa chitsanzo choyamba chija ndi 8, muyike `None`.

Kunena zoona, ku ntchito yeniyeni kalisiti kakakhala kakang'ono ine ndimangoponya manodi mu `set`, yoyamba kupezeka kawiri ndiyo poyambira lupu, mizere isanu basi ndipo aliyense owerenga amamva. Kungoti imadya memole O(n), pomwe ya fulu ndi kaluluyi imangofuna mapoyinta awiri kapena atatu kaya manodi ndi mamiliyoni, O(1), ndiye pa timakina tochepa memole kapena pa intavyu ndi yomwe amafuna. Dzina lake mukafuna kusaka ndi la Robert Floyd, amene anamutchula kuti ndi mwini wake ndi Donald Knuth m'buku lake lachiwiri la The Art of Computer Programming la 1969. Richard Brent anatulutsa ina mu 1980 yomwe fulu sayenda koma amangonyamulidwa kuyikidwa pomwe pali kalulu masitepe akakwana 1, 2, 4, 8 choncho, imachepetsa kuitana `next` ndipo imakupatsani c mwachindunji, koma imeneyo muione iyi ikakhazikika.

Sinthani mzere woyambawo kukhala `slow = fast = head`, kufananiza mukuike pansi pa kuyenda, mutumizenso. Ikakanabe ponyani khodi yonse pano tiione, koma muikope ngati mawu, zithunzi za sikirini zojambula ndi foni zija maso anga sakuonanso.