Affect ndi effect: kusiyana kwake

"Mawu awiri achingerezi awa, affect ndi effect, amandisokoneza nthawi zonse ndikamalemba. Kusiyana kwake n'kotani?"

Achimwene, musadabwe, poti pakamwa mawuwa amamveka ngati amodzi. Kawirikawiri affect ndi mneni, kutanthauza kukhudza kapena kusintha chinthu, pomwe effect ndi dzina, kutanthauza zotsatira zake. Onani: "The drought affected our maize", ndiye kuti chilala chinakhudza chimanga chathu. Koma "The effect of the drought was hunger", zotsatira za chilalacho zinali njala.

Ine ndikakayika ndimayesa kuika the kapena an kutsogolo kwa liwulo. Chiganizo chikamvekabe bwino, ndiye kuti pafunika dzina, lembani effect.

Povuta ndi apa: effect amakhalanso mneni, koma pamenepo amatanthauza kuchititsa kuti chinthu chimene panalibe chikhalepo. "The headteacher effected changes" ndiye kuti a hedi ndiwo anabweretsa zosinthazo. Mukalemba "affected changes" mwanena zina, kuti zosinthazo zinalipo kale ndipo iwo anangozikhudza.

Affect monga dzina musavutike naye. Amamugwiritsa ntchito akatswiri a zamaganizo ponena za mmene munthu akuonetsera zakukhosi kwake, monga "flat affect", nkhope yosaonetsa chisangalalo kapena chisoni.