Imelo yoitanira anthu ku msonkhano izinena zoti mukagwirizane

"Ndangoyamba kumene ntchito ya ulembi. Abwana akandiuza kuti ndiitane anthu ku msonkhano ndimatumiza imelo, koma amabwera chimanjamanja, ndipo msonkhano wa ola limodzi umatha maola atatu. Kodi imeloyo ndiziilemba bwanji?"

Achemwali, funso lanuli landiwutsira mkwiyo wakale. Kumene ndinkagwira ntchito zaka zapitazo tinali ndi abwana amene imelo zawo zinali za mizere iwiri basi. Pamutu ankalemba "Msonkhano", m'munsi mwake "Nonse mukupemphedwa kubwera mawa 9 koloko, musalephere." Tikaona zimenezo ena tulo sankatiwona, poganiza kuti mwina ntchito yatha. Tsiku lina titasonkhana, mitima ili m'mwamba, tinangomva kuti nkhani yake ndi yosankha kampani yoti itisindikizire lipoti la pachaka. Abwana anafunsa a zachuma kuti ndalama zatsala zingati, iwo nkuti mabuku ali ku ofesi kwawo. A zogula anali ndi makoteshoni atatu, koma palibe amene anali atawawerenga, moti anayamba kutiwerengera mokweza tsamba ndi tsamba. Dzuwa linafika paliwombo tisanagwirizane kanthu, ndipo chimene tinamanga nchakuti tidzakumanenso. Anthu onsewo sanali aulesi ayi. Palibe anawauza choti abweretse.

Nchifukwa chake ine ndimakana zoti mutu wa nkhani ndiye cholinga. "Tikambirane za lipoti la pachaka" si cholinga, chifukwa kukambirana kulibe pothera. Cholinga chimakhala ndi mawu osonyeza kuti ntchito yatha: tisankhe, tivomereze, tigawane ntchito. Mukalephera kumaliza chiganizo choti "potuluka tikhale titachita chakuti", bwererani kwa abwana anuwo mukawafunse mwaulemu. Akalepheranso iwowo, ndiye kuti nkhaniyo njongodziwitsa anthu, ndipo imelo yokha ikwanira popanda kukhalitsa aliyense pampando.

Ndisanaiwale, pali kamzere kamene kamandinyansa kwambiri, ka "zina ndi zina" kumapeto kwa ndondomeko ya zokambirana. Maola atatu anuwo amalowera pamenepo. Aliyense amene ali ndi dandaulo la makina osindikizira kapena la tchuthi amadikirira kamzere kameneka. Kachotseni. Amene ali ndi nkhani ina akutumizireni lisanafike tsikulo, apampando aone ngati ikuyenera.

Za nthawi

Kulemba nthawi yoyambira yokha nkuuza anthu kuti tsiku lonse ndi lanu. Lembani yoyambira ndi yothera, ndipo mphindizo muzigawe. Outlook kapena Google Calendar ikakupatsani mphindi 30 kapena ola lathunthu, sikuti mukakamizike kuzitenga momwemo. Mphindi 40 nzokwanira kusankha chinthu chimodzi ngati anthu awerengeratu. Vuto limakhala pa chiwerengero cha anthu: mukaitana anthu 12, aliyense nkulankhula mphindi 5, ola latha musanayambe nkomwe kusankha. Choncho polemba maina a oitanidwa mu Outlook, pa Required ikani okhawo amene chigamulo sichingatheke popanda iwo, enawo apite pa Optional kapena adzangolandira maminitsi.

Pa zokonzekera, mawu oti "bwerani mutakonzeka" ndi opanda mwini, aliyense amaganiza kuti akunena mnzake. Tchulani munthu, chinthu ndi tsiku. Msonkhano wa lipoti uja ukanaitanidwa motere:

Mutu: Kusankha wosindikiza lipoti la pachaka, Lachinayi 10:00 mpaka 10:40

Okondedwa nonse, mukuitanidwa ku msonkhano Lachinayi likubwerali, kuyambira 10:00 mpaka 10:40 m'mawa, m'chipinda cha misonkhano. Potuluka tikhale titasankha kampani imodzi mwa zitatu zimene zatumiza makoteshoni. Mphindi 10 zoyamba a zogula afotokoze kusiyana kwake, mphindi 20 zikhale za mafunso, 10 zomaliza tisankhe. Nonse muwerengeretu makoteshoni atatu amene ndaphatikiza pa imeloyi, ndi masamba 6 onse pamodzi. A zachuma, chonde nditumizireni chiwerengero cha ndalama zimene zatsala pa bajeti yosindikizira pofika Lachitatu masana. Amene simutha kubwera mundidziwitse pofika Lachiwiri, ndipo munene kampani imene mukuikonda ndi chifukwa chake.

Imelo yotere itumizeni kutatsala masiku osachepera awiri ogwira ntchito, apo ayi kuwerengako sikuchitika. Musanadine Send, onetsetsani kuti mafayilo mwaphatikizadi. Likafika Lachitatu masana a zachuma ali chete, ayimbireni foni, ndipo ngati chiwerengerocho sichipezeka, uzani abwana kuti ndi bwino kusuntha msonkhanowo.