Magwero a buku la mbiri ya kwanu: njira imodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza

"Ndine mphunzitsi wopuma kuno kwa Njolomole ku Ntcheu. Ndalemba buku la mbiri ya mudzi wathu ndi mpingo wathu, mitu 9. Ndawerenga mabuku angapo, ndacheza ndi akuluakulu ambiri, ndinapitanso ku Zomba kukaona makalata akale a boma. Mkonzi wandibwezera ntchito yonse, akuti katchulidwe kanga ka magwero n'kosiyanasiyana ndipo mndandanda wa kumapeto sukugwirizana ndi zam'kati. Ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, musayambe ndi kukonza mndandanda wa kumapeto. Yambani ndi kusankha njira imodzi yotchulira magwero, ndipo kwa buku ngati lanuli ndikukulangizani mawu am'munsi mwa tsamba.

Njira zofala zilipo ziwiri. Ina ndi yoika dzina la mlembi ndi chaka m'kati mwa chiganizo momwemo, ngati mmene zimakhalira m'malamulo a katchulidwe ka magwero otchedwa APA kapena Harvard. Inayo ndi yoika kanambala kakang'ono kumapeto kwa chiganizo, gwero n'kulembedwa pansi pa tsamba, monga mmene olemba mbiri ambiri amachitira potsata buku la malangizo a kalembedwe lotchedwa *Chicago Manual of Style*. Njira yoyamba ija imayenda bwino pamene magwero onse ndi mabuku okhala ndi mlembi ndi chaka. Anuwa ndi osakanikirana: mawu a agogo, kalata ya bwana DC, kaundula wa ubatizo. Zinthu zotere zilibe chaka chosindikizidwa, ndipo mukazipanikiza m'kati mwa chiganizo nkhani imatsamwa. Komanso malamulo a APA salola kuti zimene munthu wakuuzani pakamwa, zomwe wowerenga sangakazipeze pena paliponse, zilowe mu mndandanda wa kumapeto. Ndiye kuti akuluakulu amene anyamula theka la buku lanu sangaoneke kumeneko n'komwe. Ine sindingavomere zimenezo pa buku la mbiri ya mudzi.

Ngati mukulemba mu Word, musamalembe timanambalato pamanja. Pitani pa References, musankhe Insert Footnote. Mukadzachotsa ndime kapena kusuntha mutu, manambala adzadzikonza okha.

Mukasankha njira, tengani kope latsopano kapena fayilo yatsopano, mupatse gwero lililonse malo akeake. Ili ndiye kaundula wanu wa magwero, ndipo mawu onse am'munsi pamodzi ndi mndandanda wa kumapeto azichokera mmenemu, osati m'mutu. Pa buku mulembe mlembi, mutu wonse, mzinda, osindikiza ndi chaka. Zimenezi muzitenge pa tsamba lam'kati la mutu ndi kuseri kwake, osati pachikuto, chifukwa pachikuto nthawi zambiri mutu umakhala wodula. Kwathu kuno timawerenga kwambiri mafotokope a mitu yoduladula yopanda tsamba loyamba. Ngati muli ndi otere, bwererani kwa mwini buku mukajambule masamba awiriwo ndi foni musanapitirire.

Tiyeni tiyese ndi mlembi amene ndikukhulupirira kuti muli naye, popeza mukulemba za dziko la Angoni a Gomani. Margaret Read anachita kafukufuku wake pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930. Koyamba kumutchula m'buku lanu, mawu am'munsi akhale athunthu chonchi, tiyerekeze kuti mwatenga pa tsamba 40:

Margaret Read, *The Ngoni of Nyasaland* (London: Oxford University Press, 1956), 40.

Kachiwiri ndi kupita m'tsogolo mungolemba mwachidule: Read, *Ngoni*, 52. Chidule chimenechi muchilembe mu kaundula uja pafupi ndi gwero lake, kuti chikhale chomwecho m'mitu yonse 9. Mu mndandanda wa kumapeto dzina la bambo limayamba, mabulaketi amachoka, nambala ya tsamba imachokanso: Read, Margaret. *The Ngoni of Nyasaland*. London: Oxford University Press, 1956.

Mutu wachidule uja musaunyalanyaze, chifukwa mayi yemweyu analembanso *Children of Their Fathers*, lonena za kaleredwe ka ana a Chingoni, lomwe linatuluka ku London mu 1959. Mukangolemba kuti "Read, 52" kapena "Read, op. cit.", kutanthauza buku lotchulidwa kale, wowerenga sadziwa kuti atsegule liti mwa awiriwo. Nayenso "ibid." amasokoneza: amatanthauza gwero la mawu am'munsi amene angodutsa kumene, ndiye tsiku limene mudzalowetse gwero lina pakati, "ibid." uja adzayamba kuloza buku lolakwika popanda chizindikiro chilichonse. Ngakhale a Chicago, kuyambira kope lawo la 2017, amalangiza mutu wachidule m'malo mwake. Buku lachiwirili linasindikizidwanso ku Amereka mu 1968, ndipo buku likasindikizidwa kachiwiri ndi kampani ina manambala a masamba amatha kusuntha. Lembani chaka ndi osindikiza a kope limene munaligwira m'manja mwanu.

Lamulo la kugwira m'manja lomweli likukhudzanso cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri m'mabuku a mbiri. Tinene kuti mukufotokoza za kuphedwa kwa Inkosi Gomani woyamba mu 1896, ndipo m'buku la wolemba wina mwapezamo mawu a m'kalata ya mzungu wa boma wa nthawi imeneyo. Kalatayo simunaione. Mwaona ziganizo ziwiri zokha zimene wolembayo anasankha, mwinanso anazikopera molakwa. Mukatchula kalatayo ngati kuti munaiwerenga ku Zomba, cholakwa chake chasanduka chanu. Lembani kuti: kalata ya uje kupita kwa uje, tsiku lakuti, monga yagwidwira m'buku la uje, tsamba lakuti. Kumapeto muike buku munawerengalo, kalatayo ayi.

Makalata amene munawaonadi ku National Archives of Malawi amafuna nambala ya fayilo ndendende mmene yalembedwera pachikuto chake, zilembo ndi timizere tonse, kenaka wolemba, wolandira ndi tsiku. Popanda nambala imeneyo palibe amene angakaitanitse fayiloyo. Kalata iliyonse payokha itchulidwe m'munsi mwa tsamba, koma kumapeto mungoika mafayilo ndi mitu yawo. Kaundula wa ubatizo naye mumutchule ndi dzina la mpingo, zaka zimene wanyamula, tsamba kapena nambala ya mzere, ndi kumene akusungidwa lero.

Tsopano za akuluakulu munacheza nawo, pamene ndikuganiza kuti mkonzi wanu anadandaula kwambiri. M'mabuku ambiri otere mumapeza pena "malinga ndi agogo ena", pena dzina lokha, pena dzina ndi mudzi koma popanda tsiku. Munthu ndi gwero lofunika kulemekezedwa chimodzimodzi buku. Aliyense akhale ndi zinthu zofanana ndiponso zotsatana mofanana: dzina, chaka chobadwa kapena zaka zoyerekeza, mudzi, mfumu yaikulu ya dera, ndi tsiku la kucheza. Mwachitsanzo: Kucheza ndi mayi uje, obadwa cha m'ma 1938, mudzi wakuti, kwa Kwataine, pa 14 Juni 2023. Ngati munacheza nawo kawiri, tsiku ndi limene limasiyanitsa, ndiye lisasowe ngakhale mu chidule. Chaka chobadwa chija chili ndi ntchito yaikulu. Wobadwa mu 1938 anaona ndi maso ake chipwirikiti cha 1953, pamene boma la atsamunda linalimbana ndi Inkosi Gomani wachiwiri chifukwa chokana chitaganya, koma za 1896 anachita kumva. Wowerenga ayenera kutha kusiyanitsa mboni yoona ndi maso ndi mboni yongomva, ndipo ngati anakuuzani kuti anamva kwa agogo awo aamuna, lembani zimenezonso.

Alipo amene sangafune kutchulidwa, makamaka pa nkhani za ufumu, malire a minda kapena za kudambwe. Afunseni buku lisanatuluke. Akakana, apatseni chizindikiro chimodzi chosasintha, monga "mayi wa zaka za m'ma 80, kwa Ganya", ndipo munene kumayambiriro kwa mndandanda kuti mayina ena mwabisa mwa pempho la eni ake. Nenaninso kumene mwasunga matepi kapena makope a zokambiranazo.

Kundandalika mayina motsata afabeti kuli ndi misampha yake kwathu kuno. Mawu aulemu monga Bambo, Mayi, Abusa, Agogo kapena Gulupu asakhale poyambira, apo ayi theka la anthu anu lidzaunjikana pa A ndi B. Yambani ndi dzina limene munthuyo amalemba ngati la bambo, ulemu ubwere pambuyo. Mayi amene mudzi wonse umawadziwa ndi mfunda, monga naJere kapena naNgozo, alembeni ndi dzina lawo lonse, mfundawo n'kuuwonjezera, chifukwa anaJere ndi ambiri. Mafumu alembedwe ndi dzina la ufumu pamodzi ndi dzina lawolawo, popeza mpando umodzi umakhalidwa ndi anthu osiyana m'zaka zosiyana.

Kalembedwe kakale musakakonze m'mitu ya magwero. Fayilo ya atsamunda ikati Ncheu, mulembe Ncheu, ngakhale m'nkhani yanu mukulemba Ntcheu. Nkhani imene inatuluka mu *Nyasaland Journal* itchulidwe ndi dzina limenelo, ngakhale kuti magaziniyo pambuyo pa ufulu inasintha n'kukhala *Society of Malawi Journal*. Wofufuza akakafuna ndi dzina limene mwakonzalo sadzapeza kanthu.

Mndandanda wanu muugawe patatu basi: anthu ocheza nawo, zolembedwa zosasindikizidwa, ndi mabuku pamodzi ndi nkhani za m'magazini. Kugawa koposa apo kumachititsa munthu kufufuza dzina limodzi m'malo asanu. Muikemo zokhazo zimene mwazitchula m'kati mwa buku.

Pomaliza pake pali ntchito ya kuwunguza mbali ziwiri, ndipo imafuna pensulo ndi masiku angapo. Sindikizani mndandanda papepala. Yendani m'mawu am'munsi kuyambira mutu 1 mpaka 9, ndipo gwero lililonse mukalipeza muchonge pa mndandanda. Limene lili m'munsi koma pa mndandanda palibe, liwonjezereni. Limene lili pa mndandanda koma lafika kumapeto losachongedwa, lichotseni kapena mupeze pamene munaiwala kulitchula. Kenaka dutsaninso kangapo, ulendo uliwonse mukuyang'ana chinthu chimodzi chokha: ulendo wina zaka, wina kalembedwe ka mayina, wina mitu yopendeketsa. Ctrl+F ikuthandizani kupeza pamene dzina limodzi lalembedwa mitundu iwiri. Mukatero sankhani mawu am'munsi 10 mosayang'ana, mupatse mphunzitsi mnzanu pamodzi ndi mabuku ndi makope anu, aone ngati angapeze tsamba lililonse popanda kukufunsani. Akalephera awiri kapena atatu, bwerezani kuona manambala a masamba m'buku lonse musanatumizenso kwa mkonzi.

Pobweza ntchitoyo muphatikizepo pepala limodzi losonyeza chitsanzo cha mmene mwatchulira buku, nkhani ya m'magazini, fayilo ya ku Zomba, kaundula wa mpingo ndi munthu wocheza naye, kuti ngati osindikiza ali ndi kachitidwe kawo akuuzeni pa pepala limenelo musanasinthe mitu yonse.