Tiyi amapola kapena amazizira? Funso la masamu lochokera ku Mangochi

"Ndimathandiza achinyamata a ku koleji masamu kuno ku Mangochi, ndipo zina ndimafotokoza m'Chichewa. Pa samu ya dT/dt = −k(T − M) ndiziti tiyi akuzizira kapena akupola? Nanga k ndi C ndingazitchule zonse kuti nambala yosasintha?" Mphunzitsi wa masamu, Mangochi.

Aphunzitsi, nenani kuti akupola. Kuzizira ndi mmene chinthu chilili: madzi a mu mtsuko ndi ozizira, ku Dedza kumazizira mu Juni. Kupola n'kwa chinthu chimene chinali pamoto, chaphulidwa, ndipo ukali wake ukutha pang'onopang'ono mpaka chifanane ndi malo amene chili. Phala limapola. Bala nalonso limapola, ndipo ine sindikayika kuti ndi mawu amodzi omwewo, pakuti bala lotupa limatentha. Aswahili amati kupoa, chilembo cha l chinagwa panjira. Ana a masiku ano angoti kuzizira pa chilichonse, mpaka nsima yofunda akuti yazizira, ngati inagona mu firiji. Kuzirala ndingakuloleni, koma kupola ndiye mwini nkhani.

Lamulo limene Isaac Newton anafalitsa mu 1701 likunena za kupola kwenikweniku. T ndi kutentha kwa tiyi, M ndi kutentha kwa mpweya wa m'chipinda, t ndi nthawi. Liwiro la kupola limatsata kusiyana kwa T ndi M: kusiyanako kukakhala kwakukulu tiyi amapola msanga, kukachepa amapola mwaulesi, ndipo sangatsike kupitirira M. Masana a mu Okutobala ku Mangochi, chipinda chili pa madigiri 30, tiyi wanu sadzazizira ngakhale mumudikire mpaka madzulo. Adzangopola.

Tiyeni tiyisove, poti kusova nako kunalowa kale m'mudzi ndipo sindikuthamangitsa. Tinene kuti tiyi wathiridwa mu kapu ali pa madigiri 90, chipinda chili pa 30, ndipo patatha mphindi 5 themomita ikuwerenga 70. Adzafika liti pa 45?

Choyamba ndi kuika za T mbali imodzi, za t mbali ina:

dT/(T − 30) = −k dt

Ntchito imeneyi muziitcha kulekanitsa. Ndamvapo ena akuti kugawa, koma kugawa kuli ndi ntchito yake kale m'masamu kuyambira ku pulayimale, ndipo pano tagawadi mbali zonse ndi T − 30 kuti tilekanitse. Mukatchula zonse ziwiri ndi dzina limodzi, wophunzira sadziwa kuti njira ndi iti, cholinga n'chiti. Kupatula nako sikukwana, chifukwa timapatula chimodzi pagulu, monga mbuzi yodwala. Kulekanitsa kumachokera ku kuleka: awiri amalekana, wachitatu amawalekanitsa, aliyense kwawo. Kumbukiraninso kuti kugawa ndi T − 30 kumafuna kuti T asakhale 30. Tiyi amene ali kale pa 30 alibe chopola, amangokhala pomwepo.

Kenako intigireshoni mbali zonse ziwiri. Mawu awa ndi obwereka ndipo ndawasiya dala, chifukwa kusonkhanitsa kapena kuphatikiza kungasokonezane ndi samu ya kuwonkhetsa.

ln|T − 30| = −kt + C

Tiyi wathu ndi wotentha kuposa chipinda, choncho T − 30 ndi yoposa ziro ndipo timizere tiwirito tingachoke. Tikachotsa ln timapeza:

T = 30 + A·e^(−kt), pamene A = e^C

Apa ndiye pagona funso lanu lachiwiri. N'zoona kuti k ndi C zonse sizisintha nthawi ikamayenda, ndiye nambala yosasintha si bodza. Koma ndi dzina la mtundu, ngati kungoti nsomba osanena kuti chambo kapena usipa. Ziwirizi zimachokera kosiyana. C, kapena A amene wabadwa mwa iye, imabwera ndi intigireshoni ndipo imadziwika ndi mmene zinthu zinalili poyamba. Ine ndimaitcha nambala ya poyambira. Ikani t = 0 ndi T = 90: e^0 ndi 1, choncho 90 = 30 + A, ndipo A = 60. Onani kuti 60 si kutentha kwa tiyi ayi, ndi kusiyana kwa tiyi ndi chipinda pa nthawi yothira. Ambiri amalemba A = 90 mothamanga, n'kupeza tiyi woyambira pa madigiri 120.

k ndi khalidwe la kapu ndi malo ake: kukula kwa kukamwa kwa kapu, kaya ndi yachitsulo kapena yadothi, kaya yavundikiridwa. Ena amati liwiro la kupola, koma ndikukana, chifukwa liwiro ndi dT/dt ndipo limasintha mphindi iliyonse. Muziti mulingo wa kapoledwe. Kuti ipezeke pafunika muyeso wachiwiri uja, t = 5 ndi T = 70:

40 = 60·e^(−5k), choncho k = ln(1.5)/5 ≈ 0.0811

Imeneyi ndi ya pa mphindi imodzi. Wina akasintha n'kuyamba kuwerenga nthawi m'masekondi kapena m'maola, k nayo iyenera kusintha.

Tsopano ikani T = 45. Kusiyana kwatsala 15, ndiye 15 = 60·e^(−kt), kutanthauza kuti t = ln(4)/0.0811, mphindi 17 ndi kanthu pang'ono. Mungatsimikize popanda kakyuleta: pa mphindi 5 zilizonse kusiyana kumatsala magawo awiri mwa atatu. Kuchoka pa 60 kufika pa 40, kenako 26.7, kenako 17.8 pa mphindi 15, kenako 11.9 pa mphindi 20. Nambala 15 ili pakati pa ziwiri zomalizazo, ndiye 17 ikumveka. Wophunzira woganiza kuti tiyi amataya madigiri 20 pa mphindi 5 zilizonse adzayankha mphindi 11, ndipo mukamulola apitirize, tiyi wake adzaundana theka la ola lisanakwane.

Cholakwa chimene chimandinyansa kwambiri n'choiwala C pa intigireshoni n'kudzaipachika kumapeto ngati chigamba: T = 30 + e^(−kt) + C. Pa pepala zimaoneka zaulemu. Koma ikani t = 0 mupeza C = 59, ndipo nthawi ikatalika T imakhazikika pa 89. Tiyi wosapola! C iyenera kulowa pomwe intigireshoni yachitikira, ln isanachotsedwe, kuti isanduke yochulukitsa osati yowonjezera. N'chifukwa chake ndimalimbikira dzina loti ya poyambira, ngakhale anzanga ena amangoti konsitanti n'kupitirira. Mayeso ake ndi amodzi pa zolakwa zonsezi: funsani kuti t ikakula kwambiri T ikupita kuti. Ikapanda kupita ku 30, penapake pavunda. Ikamakwera m'malo motsika, chizindikiro chochotsera chatayika, kapena k yatuluka yochepera ziro chifukwa chotembenuza 40 ndi 60.

Mukayesa ndi kapu yeniyeni musadabwe manambala akasemphana pang'ono ndi samu. Tiyi wa madigiri 90 amatayanso kutentha kudzera mu nthunzi, ndiye mphindi zoyamba amapola msanga kuposa mmene k imodzi inganenere. Lamuloli limafunanso kuti M isasinthe ndiponso mpweya uziyenda mofanana. Mukaika kapu pawindo mwera ukuwomba kuchokera kunyanja, k yanu ya m'chipinda yatha ntchito. Vundikirani kapu, tsekani windo, ndipo muyeso wachiwiri muutenge patatha mphindi 10 kapena 15, chifukwa pa mphindi 5 kulakwitsa digiri imodzi yokha, 71 m'malo mwa 70, kumatsitsa k kufika pa 0.0762 ndipo yankho limapitirira mphindi 18.