Afunsa malipiro intavyu isanafike pena paliponse

"Dzulo andiimbira foni kuchokera kumene ndinafunsira ntchito. Tisanakambe n'komwe za ntchitoyo, anandifunsa kuti ndikufuna kumalandira ndalama zingati. Ndinachita chibwibwi n'kunena kuti ndiganize kaye. Aimbanso mawa. Ndikawayankhe chiyani? Komanso pokakumana nawo ndidzavale bwanji?"

Achemwali, za zovala akuthandizani ena, ine ndiyankhapo za ndalamazo. Munachita bwino osatchula nambala muli wosokonezeka. Amene akulemba kuti mungonena kuti "chilichonse chimene mungandipatse" akukuponyetsani. Enanso akuti mutchule ndalama yaikulu kwambiri kuti akatsitsa mupezebe kenakake, koma zimenezo zimagwira ntchito akakhala kuti akusankhani kale. Pa foni yoyamba sanakusankheni, ndipo nambala yopitirira bajeti yawo imangochititsa kuti asaimbenso.

Woimba foni yoyamba nthawi zambiri si bwana amene mudzagwire naye ntchito. Amakhala wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, ali ndi mndandanda wa mayina, ndipo akufuna kuusefa. Patsogolo pake pamakhala malire a malipiro a udindowo, poyambira ndi pothera, amene anavomerezedwa ntchitoyo isanalengezedwe. Mukatchula yopitirira malirewo, dzina lanu likhoza kuchotsedwa bwana asanaone n'komwe mapepala anu. Mukatchula yotsika, amailemba pafupi ndi dzina lanu, ndipo imadzatulukanso pa kalata yokupatsani ntchito, ngakhale bajeti yawo ikanatha kukupatsani zoposa pamenepo. Iwo malire akuwadziwa, inu simukuwadziwa. N'chifukwa chake choyamba n'kufunsa malirewo.

Akaimba mawa, nenani mwaulemu motere: "Zikomo pondipatsa nthawi yoganiza. Ndisanatchule nambala ndikufuna ndimvetse kukula kwa ntchitoyi ndi zina zimene mumapereka pamwamba pa malipiro. Kodi mungandiuze kuti malipiro amene munaikira udindowu akuyambira pati mpaka pati?" Mukafunsa, khalani chete, muwasiye ayankhe. Ambiri amalakwitsa pomwepa: pakangokhala zii pang'ono amaopa, n'kuyamba okha kutchula nambala. Funsoli si mwano, olemba ntchito amalimva kawirikawiri. Akakuuzani malire, musathamangire kunena kuti poyambirapo n'pokwanira. Ngati malirewo akukhudza zimene mukufuna, nenani kuti muli pafupi, ndipo mukuona kuti luso lanu likugwera cha kumtunda kwa malirewo, zotsala mudzakambirana mukadziwana bwino. Ngati pothera pawo sipakufika n'komwe pa ndalama imene mungavomere, auzeni nthawi yomweyo, musataye masabata m'maintavyu a ntchito imene simudzailandira.

Kubweza funsoli kumatheka kamodzi, mwina kawiri. Akati "ayi, tikufuna timve kwa inu, pa fomu yathu pakufunika nambala," musalimbane nawo. Kukana kachitatu kumaoneka ngati simunakonzeke kapena ndinu wovuta. Ndiye usiku uno khalani pansi ndi peyisilipi yanu muwerengere, chifukwa vuto lalikulu pa nkhaniyi si kutchula msanga kokha ayi, koma kutchula nambala imene inu mukuimva mwina, iwo akuimva mwina.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, mu ndalama ya dziko lililonse. Panopa malipiro anu enieni ndi 1,000 pa mwezi, alawansi ya nyumba 250, ya mayendedwe 100. Zonse pamodzi asanadule kanthu ndi 1,350. Akadula msonkho ndi gawo lanu la penshoni, kubanki kumalowa cha m'ma 1,020. Komanso abwana anu amakulipirirani inshulansi ya chipatala, imene mutati muzilipira nokha ingakudyereni pafupifupi 80 pa mwezi. Munthu akafunsidwa modzidzimutsa amaganiza za ndalama imene amaiona kubanki. Amati mumtima, ndimalandira 1,020, ndikapeza 1,200 ndiye kuti ndakwera, n'kutchula 1,200.

Wa ku ofesi uja akamva 1,200 amalemba kuti ndi ndalama yonse asanadule msonkho, maalawansi ali momwemo, chifukwa bajeti za malipiro amaziwerengera choncho. Kalata ikabwera yalembedwa 1,200, inu n'kuona kuti akupatsani zimene munapempha. Kutha kwa mwezi adula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, kubanki kwalowa 900. Ngati malo atsopanowo salipira chipatala, muchotsenso 80, mwatsala ndi 820. Munachoka pa 1,020 kufuna kukwera, mwatsika ndi 200 mwezi uliwonse, ndipo simungadandaule kwa wina aliyense poti nambalayo inatuluka pakamwa panu. Sizithera mwezi umodzi. Malo ambiri amakweza malipiro ndi maperesenti a zimene mukulandira, penshoninso amaiwerengera pa malipiro enieni, choncho mukayambira pansi kutsalirako kumakutsatani chaka ndi chaka.

Kuwerengera kwake n'kobwerera m'mbuyo. Mukufuna 1,200 kubanki, kuphatikizapo 80 ya chipatala ngati salipira, ndiye 1,280. Ngati amadula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, gawani 1,280 ndi 0.75, mupeza cha m'ma 1,700. Imeneyo ndiyo nambala yanu asanadule. Ionjezereni pang'ono ngati kwanuko msonkho umakwera malipiro akamakwera, monga zilili m'mayiko ambiri, chifukwa ndalama yoonjezerayo imadulidwa kwambiri kuposa yoyambirira. Gawo lenileni limene amadula mulipeza pa peyisilipi yanu, musatengere langali. Onaninso kusiyana kwake: 1,200 ndi 1,700 zonse zikunena chikhumbo chimodzi chomwecho, koma zatalikirana ndi 500.

Mukapeza nambalayo, iyerekezeni ndi zimene ena akulandira pa udindo ngati womwewo. Funsani anthu awiri kapena atatu amene akugwira ntchito yotero m'malo aakulu mofanana, ndipo musawafunse kuti amalandira zingati, ambiri sanganene. Afunseni kuti munthu wa zaka zanu pa ntchito angayembekezere pakati pa zingati ndi zingati. Onaninso zolengeza za ntchito zofanana zimene zalemba malipiro. Manambala a pa intaneti muwatenge mosamala, ambiri amakhala a dziko lina kapena a zaka zapitazo. Ngati onse akunena kuti udindowu umathera pa 1,500, ndiye kuti 1,700 yanu sidzatheka pamalopo, ndipo ndi bwino kudziwiratu.

Tsopano akakukakamizani, yankho likhale lotere: "Malinga ndi zimene ndikudziwa panopa, ndikuyembekezera pakati pa 1,700 ndi 1,900 pa mwezi asanadule msonkho. Zikhoza kusintha ndikadziwa za chipatala, penshoni ndi maalawansi, komanso ngati ntchitoyi ili ndi maudindo ena amene sitinakambe." Mawu oti "pa mwezi" ndi "asanadule msonkho" musawasiye, ndi amene akutetezani. Malo ena amawerengera pa chaka, ndipo ena amaonjezera malipiro a mwezi umodzi pa chaka, a mwezi wa 13, ndiye funsani kuti nambala yawo ya pa chaka amaigawa ndi 12 kapena 13.

Chenjezo lalikulu lili pa nambala ya m'munsi. Mukati 1,400 mpaka 1,900 poganiza kuti mukumana pakati, iwo amva 1,400 basi. Ya m'munsiyo ikhale ndalama imene atakupatsani mungasaine mosanyinyirika. Ija yoti "zikavuta ndikhoza kupirira nayo" isungeni mumtima, isatuluke pa foni. Mpata wa pakati pa manambala awiriwo usakule kwambiri, 10 mpaka 15 pa 100 ndi wokwanira, chifukwa ukatambalala zimaonetsa kuti mukungoyerekeza. Musaperekenso zifukwa za lendi, ngongole kapena fizi ya ana. Mavuto amenewo ndi enieni, koma wolemba ntchito salipira chifukwa cha iwo, ndipo akamva kuti mwapanikizika amadziwa kuti muvomera zochepa. Ngati akufuna chifukwa, tchulani zaka zimene mwagwira ntchitoyo ndi zimene mumatha kuchita zimene iwo akuzifuna.

Mwina afunsanso kuti panopa mumalandira zingati. Limeneli ndi funso lina, ndipo cholinga chake n'kutenga malipiro anu akale n'kuonjezerapo pang'ono. Mukhoza kunena kuti mungakonde kukamba za malipiro oyenera udindo watsopanowu chifukwa ntchito zake n'zosiyana. Mukasankha kuyankha, tchulani zonse pamodzi, 1,350 ndi inshulansi ya chipatala pamwamba pake, osati 1,000 yokha kapena imene imalowa kubanki. Koma musaname. Malo ena amadzapempha peyisilipi asanakupatseni kalata, ndipo akapeza kuti munakweza nambala, ntchito imathera pomwepo ngakhale anakukondani.

Ngati mudzakumane ndi fomu ya pa intaneti imene siikulolani kupitirira osalemba malipiro, onani ngati ikulandira mawu, mulembe kuti mudzakambirana. Ikamafuna manambala okha, musalembe 0 kapena 1 monga ena amalangizira, chifukwa woona fomuyo akhoza kuyesa kuti simunaidzaze bwino. Lembani nambala ya pakati pa malire anu, monga 1,800 pa chitsanzo chathu, mutaonetsetsa ngati akufunsa ya pa mwezi kapena ya pa chaka.

Kwa amene anatchula kale nambala yotsika, mpata ulipobe kalata isanasainidwe, ngakhale ndi wochepa. Chimene chimamveka ndi kulozera chinthu chatsopano chimene mwadziwa pambuyo pake: kuti ntchitoyo ili ndi kuyang'anira anthu ena, kuti mudzayenda maulendo ambiri, kuti chipatala salipira, kapena kuti nambala ija inali ya ndalama atadula msonkho. Chomalizachi chikonzeni msanga, ngakhale tsiku lomwelo kudzera pa imelo, musadikire kalata. Kungonena kuti mwasintha maganizo popanda chifukwa kumawachititsa kukayikira kuti mudzasinthanso.

Ndipo akadzati "yambirani apa, tidzakweza mukamaliza miyezi yoyeserera," pemphani kuti ndalama yake ndi mwezi wake zilembedwe mu kontrakiti. Amene akulonjezayo akhoza kuchoka miyeziyo isanathe, wolowa m'malo mwake adzangoona zimene zili pa pepala. Kumene muli panopa musapereke kalata yosiya ntchito mpaka mutagwira kalata yawo yolembedwa malipiro, maalawansi ndi tsiku loyamba ntchito.