Pa matchati anu atatu a mkaka, tengani ya mzere koma muiwonjezere avereji

"Abale ndithandizeni. Ndine mlembi wa gulu lathu la alimi a mkaka kuno ku Thyolo, ndili ndi malita a mwezi ndi mwezi kuyambira Januwale 2022 mpaka Disembala 2024. Ndapanga matchati atatu mu Excel, yozungulira, ya mizati ndi ya mzere, koma iliyonse ikukamba zakezake. Ku msonkhano wapachaka ndipite ndi iti yoti alimi aone ngati mkaka ukukwera kapena ukutsika?"

Amayi zikomo potumiza fayilo yonse osati zithunzi zokha, ndaitsegula usiku ndipo ndaonkhetsa kaye chaka ndi chaka ndisanayang'ane tchati iliyonse. 2022 munasonkhanitsa malita 126,000, 2023 malita 132,000, 2024 malita 135,600. Ndiye zoona zake nzakuti mkaka ukukwera koma pang'onopang'ono, pafupifupi 5 peresenti chaka choyamba kenako kuchepera 3 peresenti chaka chachiwiri. Manambala amenewa muwasunge m'mutu chifukwa ndi sikelo yoyezera matchati atatuwo, yomwe ikuonetsa kukwera kwapang'ono kumeneku mosabisa komanso mosakokomeza ndi imene yapambana.

Yozungulira ija ichotseni basi. Mwaidula zigawo zitatu za zaka ndipo zatuluka 32, 33.5 ndi 34.5 peresenti, pamaso zikungooneka zofanana ngati chigumu chodulidwa bwino. Komanso tchati imeneyi ntchito yake nkugawa chinthu chimodzi, monga mkaka wa chaka chino wachokera midzi iti, siidziwa zoti chaka china chimabwera pambuyo pa chinzake.

Ya mizati ndi imene yandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndi yokongola ndipo ndikudziwa kuti mtima wanu uli pamenepo. Tayang'anani nambala yapansi penipeni kumanzere, sikuyambira pa 0, ikuyambira pa 120,000. Si vuto lanu ayi, Excel imachita yokha zimenezi manambala akakhala oyandikana. Koma zotsatira zake mzati wa 2022 watalika ndi 6,000 yokha, wa 2023 watalika ndi 12,000, ndiye mlimi amene wakhala kumbuyo kwa holo aona mzati wachiwiri ukuposa woyamba kawiri nkunena kuti mkaka wadabula. Akatero funso lotsatira mukulidziwa kale, "nanga ndalama zake zili kuti?" ndipo msonkhano uthera pamenepo inu ndi asungichuma mukutuluka thukuta pa chinthu chomwe sichinachitike. Mzati munthu amauwerenga poona kutalika kwake, choncho uyenera kuyambira pa 0 nthawi zonse. Dinani batani la kumanja la mausi pa manambalawo, sankhani Format Axis, pa Minimum lembani 0. Mukatero iyamba kunena zoona, kungoti mizati itatuyo ikhala pafupifupi yofanana ndipo mfundo zitatu zokha sizikuuzani kuti kukwerako kunayamba liti kapena kwayamba kufooka liti.

Ya mzere mwina mwaikayikira chifukwa ikukwera ndi kutsika ngati msewu wa ku mapiri, Febuluwale ndi Malichi ili cha m'ma 13,000 kenako Okutobala yagwa mpaka cha m'ma 8,500, chaka chilichonse chimodzimodzi. Imeneyo ndi nyengo, inunso mukudziwa kuposa ine, dzinja msipu ndi nsenjere zili mbwee, ikafika Seputembala ndi Okutobala udzu wauma ng'ombe zikudalira madeya ndi mapesi. Vuto lake kusiyana kwa dzinja ndi chilimwe ndi malita 4,500 pamwezi pomwe kukwera komwe mukufuna kuonetsa ndi malita 800 okha pamwezi pa zaka zonsezi, ndiye kakang'onoko kakumira m'chachikulucho. Munthu angathe kuloza Malichi 2024 mpaka Okutobala 2024 nkulumbira kuti gulu likufa, wina nkuloza Okutobala 2023 mpaka Malichi nkunena kuti zinthu zili bwino kwambiri, onse akuwerenga mzere umodzi womwewo.

Mankhwala ake ndi avereji ya miyezi 12 yoyenda nayo, kutanthauza kuti pa mwezi uliwonse mumatenga avereji ya mweziwo ndi miyezi 11 ya m'mbuyo mwake. Miyezi yanu ili mu A ndipo malita ali mu B kuyambira B2, ndiye pitani pa C13, pa Disembala 2022, lembani izi nkukokera pansi mpaka C37:

```
=AVERAGE(B2:B13)
```

Nambala iliyonse yotuluka ili ndi dzinja limodzi ndi chilimwe chimodzi mkati mwake, nchifukwa chake nyengo imazimirira. Musayese miyezi 3 kapena 6, mapiri aja abwereranso. Kenako sankhani A, B ndi C nkupanga Line, mzere wa mwezi ndi mwezi muupange woonda wotuwa, wa averejiwo wonenepa wakuda. Ine ndayesa, ukuyamba pa 10,500 mu Disembala 2022, wafika 11,000 mu Disembala 2023, nkutha pa 11,300 mu Disembala 2024. Manambala atatu amenewo muwalembe pamzere pomwepo ndi zilembo zikuluzikulu. Chimene chandisangalatsa nchakuti mzerewo ukuonetsanso chinthu chomwe matchati enawo anabisa, chaka chachiwiri wayamba kugona, sukukweranso ngati poyamba, ndipo imeneyi ndi nkhani yoti alimi akambirane, kaya ndi chakudya, kaya ng'ombe zakalamba, kaya ena ayamba kugulitsa kwa mavenda. Pa tchati ya mzere simukakamizidwa kuyambira pa 0 ngati pa mizati, koma kwa anthu anuwa ine ndingayambire pa 0 ndithu, malo alipo okwanira.

Averejiyi ili ndi chofooka chake, imachedwa kumva. Mkaka utagwa mwadzidzidzi miyezi iwiri yomaliza mzere wakudawo ungopendekeka pang'ono chifukwa miyezi 10 yabwino ikuukokabe. Ndiye panokha kunyumba pangani tchati ina yoyesera, pansi Januwale mpaka Disembala, mizere itatu, chaka chilichonse wakewake. Apa Okutobala akupikisana ndi Okutobala mnzake. Ngati mzere wa 2024 uli pamwamba pa wa 2023 miyezi yambiri ndiye palibe chobisika, ukadutsa pansi chakumapeto mudziwiretu musanafunsidwe.

Chinanso chimene chinandipweteka ine ku gulu lathu la banki mkhonde, mwezi wina kope linanyowa ndi mvula manambala osawerengeka ndipo ndinalemba 0 poti ndisasiye mpata. Mzere unagwa mpaka pansi, avereji inatsika kwa miyezi 12 yathunthu, anthu anayamba kunong'onezana kuti ndalama zasowa. AVERAGE imawerengera 0 ngati nambala yeniyeni koma malo opanda kanthu imawadumpha, ndiye mwezi womwe mulibe nambala musiyeni opanda kanthu nkulemba pansi pa tchati chifukwa chake.

Musanasankhe komaliza, sindikizani zonse pa pepala la saizi imodzi, zakuda ndi zoyera popeza ku msonkhano mugawa za fotokope ndipo zofiira ndi zobiriwira zimatuluka zofanana. Saizi imodzi ndikunenetsa chifukwa tchati yomweyo mukaikoka kutalika mzere umaoneka wotsetsereka, mukaitambasula m'mbali umagona. Mupatseni mlimi mmodzi yemwe sali mu komiti pepala limodzi kwa kanthawi kochepa, mulande, nkumufunsa kuti mkaka ukukwera kapena ukutsika, nanga kwambiri kapena pang'ono. Pepala lina mupatse munthu wina, osati yemweyo, chifukwa iye wadziwa kale yankho. Imene anthu akuyankha kuti "ukukwera koma pang'ono" inu osafotokoza kalikonse ndi yopita nayo, ndipo pamwamba pake musalembe "Tchati ya mkaka", lembani kuti "Mkaka wakwera kuchoka pa malita 10,500 kufika 11,300 pamwezi".