Banki Yaikulu ikakweza chiwongoladzanja, chimafika bwanji pa ngongole yanu?

"Ndinatenga ngongole ya K5 miliyoni kuti ndikuzire chigayo changa, koma banki yakhala ikukweza ndalama zobweza pamwezi. Akuti ndi Banki Yaikulu. Ikulowapo bwanji? Komanso ndinamva kuti chiwongoladzanja chikakwera masheya amagwa, nanga bwanji a mabanki akhala akukwera?"

Bambo, tengani kalata ya ngongoleyo muiwerengenso. Ndikukhulupirira kuti simunasainire nambala yokhazikika. Ngongole zambiri kuno zimalembedwa motere: chiwongoladzanja choyambira, chomwe mabanki amalengeza mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo kagawo ka bankiyo, tinene 5 peresenti. Choyambiracho chimatsatira kwambiri mtengo umene Banki Yaikulu imakongozera mabanki. Mtengowu unali 12 peresenti mu 2021, unafika 18 kumapeto kwa 2022, 24 pakati pa 2023, kenako 26 mu Febuluwale 2024. Cholinga chinali choti kukongola kuwawe, anthu achepetse kugula, mitengo ya katundu ileke kuthamanga.

Tiwerengere pa K5 miliyoni yanuyo, ngati kuti simunabwezeko. Pa 20 peresenti, chiwongoladzanja chokha ndi K1 miliyoni pachaka, pafupifupi K83,000 pamwezi. Chikafika 30 peresenti, ndi K125,000 pamwezi. K42,000 yoonjezerayo ikuchoka m'chigayo chomwecho, pomwe matumba ogayitsa sanachuluke. Zimandiwawa kuti ambiri safotokozeredwa zimenezi tsiku losaina.

Za masheya munamvazo ndi zoona, koma si paliponse. Munthu amene ali ndi K100 amayerekeza: tinene sheya ikumupatsa K5 pachaka, pomwe kukongoza boma kwa chaka kungamupatse zoposa K20 popanda kugona tulo tamantha. Ambiri akathamangira ku boma, ogula masheya amachepa ndipo mtengo umatsika. Kampani ya ngongole zambiri imamenyedwa kawiri, chifukwa phindu lake nalonso likudyedwa ngati lanulo.

Banki ili tsidya lina la mtsinje. Iyo ndi yokongoza. Imatenga ndalama za anthu osunga, n'kumawapatsa kachiwongoladzanja kochepa kwambiri, kenako n'kukongoza boma ndi inu pamtengo wokwera. Mpata wapakatipo ukakula, phindu limakula, ndipo n'chifukwa chimodzi chimene masheya a mabanki monga National Bank, FDH ndi NBS anakwerera pa msika wa masheya wa ku Blantyre. Chifukwa china n'chakuti mu 2024 mitengo ya katundu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti kapena kuposerapo, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wokongoza boma pa 26 peresenti ankaluzabe, ndiye ena anakabisa ndalama zawo m'masheya.

Kukoma kumeneku kuli ndi malire. Okongola akayamba kulephera kubweza, phindu la banki limaphwa, ndipo mumaonera pa mzere wa ngongole zosabwezedwa m'malipoti ake apachaka. Za chigayocho, pitani mukafunse ngati amalola kubweza ndalama yoonjezera pa ngongole yeniyeniyo popanda chindapusa. Pa 30 peresenti, K500,000 yobwezedwa msanga ikupulumutsirani K12,500 mwezi uliwonse.